Samale ya mafomu obwezera ndalama ikufunika Lachisanu, malisiti ena sakuoneka, ndiyambire pati?

MayiWaMafayilo
Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi pa kabungwe kena ka zaulimi, ena tili kuno ku Lilongwe, ena ku Dedza ndi ku Ntchisi. Mwezi ukatha anthu amabweretsa mafomu a ndalama zomwe agwiritsa ntchito, ena ofuna kubwezeredwa za m'thumba mwawo, ena olikwideta adivansi. Kale ndinkangomanga mtolo ndi labala n'kukasiya pa desiki ya a zachuma. Pano kwabwera bwana watsopano wa zachuma, akuti mtolo sakuufuna. Akufuna tsamba limodzi losonyeza kuti ndalama zapita ku chiyani, wavomereza ndani, ndi malisiti omwe akusowa. Lachisanu m'mawa likhale pa desiki pawo.

A mwezi wa Malichi alipo mafomu 38. Ndawalowetsa mu Excel, fomu iliyonse mzere wake. Pomwe ndakakamira ndi apa: fomu imodzi ili ndi mafuta, malo ogona ndi chakudya cha pa msonkhano. Lisiti la mafuta lilipo, la ku loji palibe. Ndiye fomu imeneyi ndiiike m'gulu liti? Nanga pa lisiti ndilembe kuti lilipo kapena palibe?

Chimzy_Joni
PivotTable basi mayi. Mphindi ziwiri zatheka.

Gogo_Leja
Achimwene a ku Joni, PivotTable imaphika zomwe mwaipatsa. Apa ndiwo zake sizinasadzulidwe.

Mayi, funso lanu ladziyankha lokha. Mwakakamira chifukwa mzere wanu ndi waukulu kwambiri. Mzere umodzi usakhale fomu, ukhale chinthu chimodzi chomwe munthu analipira. Fomu ya mafuta, loji ndi chakudya ija ikhale mizere itatu, yonse yokhala ndi nambala ya fomu yofanana. Mukatero mzere uliwonse uli ndi gulu limodzi, ndalama imodzi, wovomereza mmodzi, ndiponso yankho limodzi pa nkhani ya lisiti.

Makolamu ake ine ndinkayala motere: A nambala ya fomu, B tsiku lomwe ndalama inagwiritsidwa ntchito, C dzina la mwini fomu, D gulu, E zomwe analipira m'mawu ake, F ndalama, G wovomereza, H za lisiti. Pa B samalani, ndi tsiku la pa lisiti, osati tsiku lomwe fomu inafika pa desiki panu. Ndipo ngati mafomu alibe manambala, tengani bolopeni muwalembe lero, 1 mpaka 38, pakona ya kumanja. A zachuma akakaloza mzere pa samale n'kunena kuti "ndionetseni iyi", muzitha kuisolola mu mtolo musanameze malovu.

Ndikudziwa kuti kulowetsanso ndi ntchito. Koma palibe njira yachidule yodutsira pamenepa.

MayiWaMafayilo
Agogo, ndiye kuti ndiyambirenso? Eish. Chabwino, usiku uno ndikhalira zomwezo. Magulu akhale angati? Anthu amalemba zosiyanasiyana: wina petulo, wina dizilo, wina mafuta a galimoto, wina mafuta a njinga.

Gogo_Leja
Musapeke magulu anu. Pitani kwa a zachumawo muwafunse mizere ya bajeti yawo, kapena makodi omwe amalowetsera m'mabuku, mutengere yomweyo. Mukapanga anuanu, iwo adzayenera kuphwasulanso samale yanu kuti igwirizane ndi mabuku awo, ndiye mwawathandiza chiyani? Zomwe munthu analemba yekha, petulo kaya dizilo, zisiyeni mu kolamu E momwe zilili. Mu D muzingolowa mawu ochepa omwe mwagwirizana.

Bambo_a_Tadala
Ine ndafuna ndifunse nawo pomwepa. Ndinapereka fomu yanga mu Januwale, K96,000 ya m'thumba mwanga, ulendo wa ku Mchinji. Mpaka lero zii. Ukafunsa akuti ili kwa a zachuma, ukapita kwa a zachuma akuti ili kwa manijala. Kodi lamulo limati abweze pakatha masiku angati?

Nachisale_88
Bambo a Tadala, apa sitikukamba za kubweza, tikukamba za kupanga samale. Masikuwo onani mu ndondomeko ya zachuma ya kuntchito kwanu, bungwe lililonse limaika ake.

Bambo_a_Tadala
Ndi nkhani imodzi yomweyo achemwali. Inu mukamakongoletsa matebulo, ife ana akudya chiyani?

Nachisale_88
Kkkk pepani. Koma tebulo lomwe mukulinyozalo ndi lomwe likanaonetsa kuti fomu yanu yagona pa desiki ya ndani.

MayiWaMafayilo
Ndabwera. Ndagona 1 koloko. Mafomu 38 aja abereka mizere 171. A zachuma andipatsa magulu asanu ndi limodzi: Mafuta, Malo ogona, Alawansi, Mayendedwe, Chakudya cha misonkhano, Zolembera ndi mayunitsi. Ndagwiritsa ntchito fomula iyi pa gulu lililonse:

```
=SUMIFS(F:F,D:D,"Mafuta")
```

Koma sizikugwirizana. Kolamu F yonse ikupereka K9,819,500. Magulu asanu ndi limodziwo ndikawaphatikiza akupereka K9,507,500. K312,000 yapita kuti?

Chimzy_Joni
Kwa ine fomula yanuyo ikukana n'komwe, ikungotulutsa uthenga woti ili ndi vuto.

Nachisale_88
Achimwene, kompyuta yanu inatcheredwa za ku South Africa, kumeneko Excel imafuna `;` pomwe ife timaika `,`. Sinthani zimenezo igwira. Fomula ya mayiyi ilibe vuto.

Mayi, ndalamayo siinapite kulikonse, ili m'mizere yomwe gulu lake silinalembedwe ndendende ngati la mu fomula. Ikani Filter pa kolamu D, mudine kamuvi kaja muone mndandanda womwe ukutuluka. Mayina akapitirira asanu ndi limodzi, wakuba wanu ndi ameneyo. Pomwe muyenera kukayikira kwambiri ndi kampata kotsalira kumapeto kwa liwu, koti munadina batani lalitali lija mosadziwa. Ndi maso simungakaone, koma kwa SUMIFS `Mafuta` ndi `Mafuta ` ndi zinthu ziwiri. Yesani pambali `=LEN(D2)` mukokere pansi. Mafuta ndi zilembo 6, pomwe patuluke 7 ndi pomwepo.

Mukakonza, tsekani khomo: sankhani kolamu D, pitani pa Data Validation, List, muikemo magulu anuwo. Mwezi wamawa muzingosankha, osalembanso ndi zala. Chitani chimodzimodzi pa G ndi H.

MayiWaMafayilo
Achemwali mwalasa! Mizere itatu inali ndi kampata, umodzi ndinalemba Petulo chifukwa cha tulo. Inayiyo ndi K312,000 ndendende. Pano magulu ndi kolamu F zikugwirizana.

Gogo_Leja
Musavine kaye. Mwagwirizanitsa Excel ndi Excel inzake. Tsopano igwirizane ndi pepala. Tengani kakyuleta, muphatikize ndalama yomwe yalembedwa pansi pa fomu iliyonse, onse 38, osayang'ana pa kompyuta. Mutiuze.

MayiWaMafayilo
Agogo ndinu mfiti kodi? Mapepala akupereka K9,846,500. Excel K9,819,500. Ndabwereza kawiri. Kusiyana K27,000.

Gogo_Leja
Si ufiti mwanawe, ndi zaka za m'maleja. K27,000 imagawika ndi 9 popanda chotsala. Kusiyana kukagawika ndi 9, choyamba kukayikira ndi manambala awiri oyandikana omwe asinthana malo polemba. Apa 27,000 kugawa ndi 9 ndi 3,000, kutanthauza kuti manambala awiri osinthanawo amasiyana ndi 3: 14 ndi 41, 25 ndi 52, 36 ndi 63, 47 ndi 74, 58 ndi 85, 69 ndi 96. Poti Excel ndiyo yachepa, funani mzere womwe uli ndi yaing'onoyo, monga 25,000 kapena 58,000, muufananize ndi pepala. Si nthawi zonse zimakhala choncho, mwina mwangodumpha mzere wa K27,000 weniweni, koma yambirani apo.

Chinanso choti muone nthawi yomweyo: ngati pena munalemba ndalama ndi K kutsogolo, Excel imaiona ngati mawu ndipo siiphatikiza, komanso siikuuzani. Iyi ikuuzani:

```
=COUNTA(F2:F172)-COUNT(F2:F172)
```

Ikatulutsa 0 muli bwino. Ikatulutsa 2, pali mizere iwiri yomwe ndalama yake siikuwerengedwa.

MayiWaMafayilo
Yatulutsa 0. Ndipo ndaupeza, fomu 22, loji ya ku Ntchisi, pepala likuti 85,000 ine ndinalemba 58,000. Pano zonse zili pa K9,846,500. Magulu ali motere:

Mafuta K3,412,000
Malo ogona K2,280,000
Alawansi K2,160,000
Chakudya cha misonkhano K1,045,000
Mayendedwe K684,500
Zolembera ndi mayunitsi K265,000

Tsopano za malisiti. Mizere yomwe ndalemba kuti palibe ndi 41, pamodzi K1,911,500. Ndingolemba choncho?

Dalaivala_Wakale
41! Kumeneko mukudya bwino. Cashgate ya 2013 inayambanso chonchi.

Nachisale_88
Abale inu, tisamangothamangira ku Cashgate. Ija inali nkhani yolipira makampani omwe sanagwire ntchito kudzera mu makina a boma olipirira, si ya munthu wotaya lisiti la ku loji.

Odita_Wamng'ono
Mayi, mukalemba "malisiti osowa 41" mwaputa mkangano wopanda phindu, ndipo nkhani yeniyeni ibisala momwemo. Ndaziona kambirimbiri poyendera mabuku a mabungwe. Mu 41 mwanumo ndikutsimikiza muli zinthu zitatu zosafanana.

Muli zomwe wogulitsa sapereka lisiti chikhalire. Wa kabaza wochoka pa Dedza boma kupita kumudzi alibe buku la malisiti, kondakitala wa minibasi chimodzimodzi. Izi sizinasowe, sizinakhalepo. Mabungwe ambiri amavomera kapepala kosainidwa ndi mwini ulendo ndi bwana wake, kosonyeza kuchokera kuti kupita kuti ndi mtengo wake. Funso la a zachuma apa ndi loti kapepalako kalipo ndipo mtengo wake ndi wapamsewu, basi.

Muli malisiti omwe alipo koma sakuwerengeka. Aja otuluka m'makina, a pa filing'i siteshoni, pepala lake limalembedwa ndi kutentha, osati inki. Likagona pa dashibodi masiku atatu kapena m'thumba la thalauza, limayera mbee. Munthuyo sanabe, ndipo nthawi zina wogulitsa angathe kumupatsa umboni wina. Kuyambira mwezi uno muziwauza kuti azijambula pa foni tsiku lomwelo, inu muzipanga fotokope likangofika.

Ndiye muli zomwe lisiti limayenera kukhalapo koma palibe. Loji, mafuta, holo, mapepala a ku shopu. Izi ndi zomwe bwana wa zachuma akufuna kuona.

Choncho mu kolamu H musakhale mayankho awiri, akhale anayi: LILIPO, SAPEREKA, LAFUFUTIKA, PALIBE. Za alawansi umboni wake si lisiti, ndi pepala lomwe olandira anasainira, limenelo likakhalapo lembani LILIPO.

Chimzy_Joni
Ine sindikugwirizana nazo. Kuno kopanda silipi kulibe ndalama, basi. Mukayamba magulu anayi mwatsegula khomo, aliyense azidzati "sapereka".

Odita_Wamng'ono
Khomo silitseguka ngati amene akusankha SAPEREKA ndi mayiwa potsatira mndandanda womwe a zachuma avomereza, osati mwini fomu. Kabaza, minibasi, ndiwo za pamsika wa kumudzi zophikira alimi pa msonkhano. Loji siingalowe m'menemo. Ndipo achimwene, lamulo lanulo mukalibweretsa ku Ntchisi ndiye kuti alangizi azipita kumunda wapansi.

Chimzy_Joni
Pa kabaza ndavomera. Koma LAFUFUTIKA kwa ine ndi PALIBE. Pepala loyera ndi umboni wa chiyani?

Odita_Wamng'ono
Si umboni, zoona. Koma chochita chake n'chosiyana, n'chifukwa chake timazilekanitsa. Zolipira kapena kukana adzanena ndi a zachuma.

MayiWaMafayilo
Ndagawa. SAPEREKA mizere 23, K241,500, yonse ya kabaza ndi minibasi, timapepala tosainidwa tilipo. LAFUFUTIKA mizere 7, K396,000. PALIBE mizere 11, K1,274,000.

Ndadabwa. Mizere yochuluka ija ndi ya ndalama yochepa, 11 yokhayi ndiyo yanyamula katundu yense.

Gogo_Leja
Eya. N'chifukwa chake pa samale nambala ya mizere isamayende yokha, iziyenda ndi ndalama yake. Mukanalemba 41 basi, bwanayo akanataya m'mawa wonse kuthamangitsa a kabaza.

Tsopano ikani ovomereza. Osangolemba kuti uyu wavomereza zingati, zimenezo pazokha sizinena kanthu, woyang'anira anthu ambiri amasainira zambiri. Chofunika ndi kuphatikiza mafunso awiri: pa zomwe munthuyu anasainira, ndi zingati zopanda lisiti? Lembani mayina a ovomereza pansi mu kolamu K kuyambira K2, ndiye pambali pake:

```
=SUMIFS(F:F,G:G,K2)
=SUMIFS(F:F,G:G,K2,H:H,"PALIBE")
```

Yachiwiri muigawe ndi yoyamba. Ndipo mafomu omwe palibe anasaina musawasiye ndi mpata mu G, lembani kuti OSASAINIDWA, akhale ndi mzere wawowawo pa samale. Mpata umasowa mu tebulo, ndipo ndalama za ovomereza sizidzakwana K9,846,500 ija.

Chimzy_Joni
Apa ndiye PivotTable yanga ija yafika nthawi yake. Wovomereza ku Rows, za lisiti ku Columns, ndalama ku Values. Zonse zituluka pa tebulo limodzi. Ingoonetsetsani kuti yalemba Sum of, osati Count of, ndipo mukasintha kanthu mu mizere mudine Refresh, siidzisintha yokha.

Gogo_Leja
Pamenepo mwanena zoona achimwene. Tsopano ndiwo zasadzulidwa.

MayiWaMafayilo
Zatuluka, ndipo mtima wanga suli m'malo. Mayina sinditchula, ndingonena maudindo.

Woyang'anira pulojekiti: anasainira K5,120,000, zopanda lisiti K174,000, mizere iwiri.
Woyang'anira kumaboma: anasainira K3,118,500, zopanda lisiti K1,036,000, mizere 8.
Adairekitala: anasainira K1,420,000, zopanda lisiti K64,000, mzere umodzi.
Osasainidwa: K188,000, mafomu awiri, malisiti ake alipo.

Woyang'anira kumabomayo ndiye kuti pa K3 iliyonse yomwe anasainira, K1 ilibe lisiti. Pa mizere 8 ija, 6 ndi ya mafuta, K870,000. Bamboyu ndi munthu wabwino, ndi amene anandithandiza kupeza ntchito ino. Ndikapereka tebuloli zioneka ngati ndikumunenera. Ndingochotsa gawo la ovomerezali?

Dalaivala_Wakale
Mafuta? Ndiye ine ndikuuzeni zomwe zinachitika ngakhale sindinaliko. Pa filing'i siteshoni panalibe mafuta, msonkhano wa alimi unali utaitanidwa kale, mafumu akhala pansi pa mtengo kudikira. Dalaivala anagula a m'zigubu kwa mavenda. Venda akupatsa lisiti lanji? Ine zinandichitikira, ndinagona pa mzere usiku wonse osapeza kanthu, m'mawa ndinagula malita 20 m'chigubu kuti galimoto ifike, kenako a mu ofesi anandidula pa malipiro. Anthu a mu ofesi simudziwa za kumsewu.

Nachisale_88
Mwina ndi choncho, mwinanso ayi. Inu simunaliko, mwanena nokha.

Dalaivala_Wakale
Nanga inu munaliko?

Bambo_a_Tadala
Mafuta a m'zigubu enanso amathira palafini, injini ya m'bale wanga inafa nazo pa Kamwendo.

Nachisale_88
Tabwererani ku nkhani abale, mayiwa Lachisanu ndi mawa.

Odita_Wamng'ono
Mayi, gawolo musachotse. Anakupemphani zinthu zitatu ndipo ichi ndi chimodzi mwa izo. Mukachichotsa, tsiku lomwe a zachuma adzachipeze okha funso lidzakhala loti inu munabisiranji.

Koma pali kusiyana pakati pa kupereka manambala ndi kupereka chigamulo. Pa samale musalembe kuti "zokayikitsa" kapena "anaphwanya ndondomeko". Lembani zomwe pepala likuonetsa: fomu 9, mafuta, K160,000, lisiti palibe, anasainira uje. Ngati mwini fomu analemba chifukwa, chikopereni momwe chilili mu kolamu ya ndemanga. Ovomereza onse aoneke pa tebulo limodzi, adairekitala omwe, kuti pasaoneke ngati mwasankha munthu.

Ndipo lero lomwe, muimbireni foni bamboyo ndi eni mafomu 11 aja... ndikutanthauza eni mizere 11. Auzeni kuti mawa ndikupereka samale, mizere iyi ilibe malisiti, ngati muli nawo tumizani chithunzi isanakwane 4 koloko. Kumeneko si kubisa, ndi ntchito yanu. Ambiri amakhala ali m'kabati ya galimoto. Amene abwere mochedwa muwalembe LILIPO koma ndi ndemanga ya tsiku lomwe afika.

Za zigubu zomwe akunena adalaivala, zikhoza kukhala zoona, ndipo njira yoyezera ilipo: buku la galimoto. Makilomita a pa ulendowo afananizidwe ndi malita omwe akuti anagula. Koma imeneyo ndi ntchito ya a zachuma, inu mungolemba kuti buku la galimoto lilipo kapena ayi.

Gogo_Leja
Ndionjezere chimodzi chomwe tonse tachidumpha, ndipo mayi anachitchula mu uthenga woyamba. Mu mtolowu muli mitundu iwiri. Wina anagwiritsa ntchito ndalama yake akufuna kubwezeredwa. Wina anatenga adivansi akufotokoza momwe anaigwiritsira ntchito. Lisiti likasowa kwa woyambayo, ndalama ikadali m'manja mwa bungwe, a zachuma angoimitsa mzere umenewo. Likasowa kwa wachiwiriyo, ndalama inatuluka kale, ndiye nkhani ndi yoti abweze kapena adulidwe, ndipo adivansiyo ikhalabe pa dzina lake m'mabuku. Bwana wa zachuma akawerenga K1,274,000 funso lake loyamba likhala limenelo. Onjezerani kolamu I, mulembe ADIVANSI kapena ZAKE.

MayiWaMafayilo
Ndaika. Pa K1,274,000 ija, K938,000 ndi ya adivansi, K336,000 ndi ya m'thumba mwa anthu. Mafuta a K870,000 aja onse ndi a adivansi.

Funso lina. Mmodzi watumiza chithunzi cha uthenga wa Airtel Money wosonyeza kuti analipira K64,000 ku nambala ya mwini loji. Limenelo ndi lisiti?

Chimzy_Joni
Ndi lisiti. Pali tsiku, ndalama, nambala ya thiranzakishoni. Kuposa kapepala kolemba pamanja komwe aliyense angagule buku lake mu shopu.

Odita_Wamng'ono
Ndi umboni woti ndalama inachoka kupita ku nambala inayake. Siukunena kuti analipira chiyani, masiku angati, ndiponso kuti nambalayo ndi ya loji kapena ya mlamu wake. Kaya Airtel Money kaya Mpamba, ine ndimauona ngati theka la umboni. Siyani PALIBE, mulembe mu ndemanga kuti pali uthenga wa pa foni.

Chimzy_Joni
Koma buku la malisiti la mu shopu ndi chidindo chosema pa msika mumalandira. Odita inu.

Odita_Wamng'ono
Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni.

Nachisale_88
Mayi musanatseke, yesani kaichi pa kolamu yopanda kanthu, mukokere pansi:

```
=C2=G2
```

Pomwe patuluke TRUE, munthu anadzisainira yekha fomu yake. Zimagwira ngati mayina mu C ndi mu G munawalemba mofanana. Komanso onani mafomu a adairekitala, anawasainira ndani?

MayiWaMafayilo
TRUE palibe. Koma mafomu awiri a adairekitala anasainira ndi woyang'anira pulojekiti, yemwe ali pansi pawo. Zakhala choncho kuyambira kale.

Nachisale_88
Wapansi angakanire bwana wake? Zimayenera kupita kwa wapampando wa bodi kapena msungichuma wa bodi.

Gogo_Leja
Kumabungwe ang'onoang'ono wapampando amakhala kutali, fomu ya K40,000 ingadikire mwezi. Ena amalola wapansi kusaina, bodi n'kumaona mndandanda wake pakatha miyezi itatu. Onani zomwe ndondomeko yanu ikunena. Ngati siikunenapo kanthu, ikani mzere umodzi pansi pa samale wonena zomwe mwaonazo, osaonjezera ndemanga.

Tsamba lanu liyalidwe motere. Pamwamba mwezi, mafomu 38, mizere 171, K9,846,500, ndi mawu oti yagwirizana ndi mapepala. Kenako tebulo la magulu, lililonse ndi ndalama yake yopanda lisiti pambali. Kenako la ovomereza. Pansi mizere ya PALIBE yonse umodziumodzi, yaikulu pamwamba, ndi nambala ya fomu. Mizere 171 ija ipite kumbuyo ngati chomata. Mu mtolo, mafomu omwe ali ndi vuto muwamate timapepala toonekera kunja.

MayiWaMafayilo
Ndapereka m'mawa uno. Dzulo nditaimba mafoni, malisiti atatu anapezeka: awiri a mafuta, K290,000 pamodzi, anali m'kabati ya galimoto monga munanenera, ndi limodzi la holo la K110,000 la ku mbali ya woyang'anira pulojekiti. Ndiye PALIBE yatsika kufika pa mizere 8, K874,000. Mizere inayi ya mafuta yotsalayo, K580,000, bambo aja anena okha kuti anagula kwa mavenda ndipo alemba kalata. Sanakwiye, angoti bwenzi nditawauza Lolemba.

A zachuma anawerenga tsambalo ataimirira, anasolola mafomu asanu ndi limodzi a timapepala aja, ena onse osainidwa anati alipiridwe. Mafomu awiri osasainidwa abwerera kwa eni ake. Apempha mabuku a galimoto ziwiri. Za mavenda akuti akakambirana ndi adairekitala chifukwa opereka thandizo mwina sangavomere, ndipo ngati akana ndalamayo iyenera kuchokera kwina. Mzere wa mafomu a adairekitala uja anauwerenga, anandiyang'ana, sananene kanthu.

Akuti mwezi wamawa ndionjezere tsiku lomwe fomu inafika ndi tsiku lomwe inasainidwa.

Bambo_a_Tadala
Kolamu imeneyo ndiyo ndimanena ine. Tumizani tebulolo kuno ndikawapatse a kwathu.

Dalaivala_Wakale
Nanga K580,000 ija akakana, adula ndani? Wosaina kapena dalaivala?

MayiWaMafayilo
Adivansi inali pa dzina la dalaivala.